Bajeti ya kopaletivi: mawu oyenera kulembedwa pansi pa manambala

(NYIMBO YOTSEGULIRA, KENAKA ITSIKE)

WOULUTSA: Lero tikulankhula ndi asungichuma, alembi ndi apampando a makopaletivi, makomiti a masukulu, mipingo ndi magulu a chitukuko m'boma lino la Karonga. Nkhani yathu ndi ya tsamba limene ambiri salilemba akamapanga bajeti, tsamba la mawu ofotokozera manambala. M'nyumba ya mphepo muno ndili ndi mayi amene ntchito yawo ndi kulondoloza mabuku a chuma a magulu a alimi. Mayi, takulandirani.

MLENDO: Zikomo bambo, ndipo moni kwa omvera onse.

WOULUTSA: Ndiyambe ndi funso la munthu wamba. Bajeti ndi manambala. Ndalemba zolowa, ndalemba zotuluka, ndawonkhetsa. Mawu enanso ndi a chiyani?

MLENDO: Ndi a munthu amene panalibe pamene inu munkalemba. Msungichuma akhoza kusamuka, komiti ikhoza kusintha pa chisankho, koma pepala limatsala. Amene walitola ayenera kutenga nambala iliyonse n'kuiwerengera yekha mpaka kuipeza momwe inu munaipezera, osakuimbirani foni. Kuti atero akufunika kudziwa njira imene mwawerengera ndalama, mtundu wa ndalama ndi mtengo wosinthira, momwe mwafupikitsira manambala, komanso kumene mitengo mwaitenga. Kuti zimveke, tiyeni tipeke kopaletivi ya alimi a mpunga wa Kilombero, yonga zimene zili ku Hara, ku Wovwe kapena ku Lufilya. Ndalama za gululi zimene nditchule ndi zongoyerekeza, si za gulu lenileni.

WOULUTSA: Chabwino. Njira yowerengera ndalama ndiye kuti chiyani? Kwacha ndi kwacha basi.

MLENDO: Funso ndi lakuti kwachayo mumailemba liti. Njira yoyamba, imene ambiri amaitcha ya kashi, imati ndalama ilembedwe tsiku limene yalowa m'manja kapena ku banki, ndi tsiku limene yatuluka. Njira yachiwiri imawerengera ndi ngongole zomwe. Mukapereka katundu kwa wogula, mwagulitsa, ngakhale asanalipire. Mukalandira katundu, mwagula, ngakhale musanalipire.

Tsono gulu lathu lija chaka chake chimayamba pa 1 Epulo n'kutha pa 31 Malichi. M'bajeti likuyembekeza kuti m'chakacho m'thumba mulowa K18,000,000 ndipo mutuluka K15,000,000. Pa njira ya kashi, zotsala ndi K3,000,000. Koma pali zinthu ziwiri zimene zadumpha malire a chaka. Mu Febuluwale gulu lipereka mpunga wa K6,000,000 ku sitolo ina ku Mzuzu, ndipo mgwirizano ndi wakuti sitoloyo ilipira pakatha masiku 60, kutanthauza mu Epulo, chaka china. Komanso mu Disembala gulu litenga feteleza wa K2,500,000 pa ngongole, wodzalipira mu Juni likakolola.

WOULUTSA: Ndiye pa njira yachiwiri ija zikhala bwanji?

MLENDO: Zogulitsa zikhala K24,000,000 chifukwa mpunga wa ku Mzuzu walowamo. Zogula zikhala K17,500,000 chifukwa feteleza walowamo. Zotsala ndi K6,500,000. Mwaona? Gulu ndi lomwelo, chaka ndi chomwecho, palibe amene waba, koma pepala lina likuti K3,000,000, lina likuti K6,500,000.

WOULUTSA: Pa msonkhano waukulu wa mamembala pamenepo pakhoza kubuka ndewu.

MLENDO: Imabukadi. Mamembala akamva K6,500,000 amayamba kuwerengera m'mutu kuti agawana zingati. Akapita ku banki akapeza K3,000,000, dzina la msungichuma laipa m'mudzi monse. Chonsecho chikanamupulumutsa ndi chiganizo chimodzi. Alembe kuti: "Bajeti iyi yawerengedwa pa njira ya kashi, kuyambira 1 Epulo mpaka 31 Malichi. Ndalama za mpunga wa K6,000,000 woperekedwa mu Febuluwale sizili muno chifukwa zidzalowa mu Epulo. Ngongole ya feteleza ya K2,500,000 siili muno chifukwa idzalipiridwa mu Juni." Basi, zatha.

WOULUTSA: Mwa njira ziwirizi, inu mumalangiza iti?

MLENDO: Kwa gulu laling'ono, ine ndimati ya kashi, chifukwa membala aliyense angathe kuiyerekeza ndi sitetimenti ya ku banki. Ngakhale boma lathu kwa zaka zambiri lakhala likulemba mabuku ake pa njira ya kashi. Koma kufooka kwake n'kwakuti imabisa ngongole. Komiti yochenjera moipa ikhoza kungochedwetsa kulipira anthu mpaka chaka chitatha, pepala n'kumaoneka lokongola. N'chifukwa chake amene wasankha kashi ayenera kulemba pansi mndandanda wa amene gulu likuwakongola ndi amene akulikongola. Choipitsitsa, chimene ndimachiona kawirikawiri, ndi kusakaniza. Zolowa mwawerengera ndi zimene anthu angolonjeza, koma zotuluka mwawerengera zokhazo zimene mwalipira kale. Bajeti yotere nthawi zonse imaonetsa phindu, ngakhale gulu likumira.

WOULUTSA: Munthu angadziwe bwanji kuti asakaniza?

MLENDO: Atenge ndalama zimene zinalipo pa chiyambi cha chaka, awonjezere zolowa, achotsere zotuluka. Ngati pepala likuti ndi la kashi, yankho liyenera kufanana ndi zimene zili ku banki kuphatikiza za m'bokosi. Zikasiyana, pali mzere wina umene walowa ndi njira ina.

Ndipo masiku a chaka musawaiwale. Kale chaka cha boma chinkayamba mu Julayi n'kutha mu Juni. Kuyambira mu 2022 chimayamba pa 1 Epulo. Pofuna kusintha, chaka cha 2021/22 chinali cha miyezi isanu ndi inayi yokha, Julayi 2021 mpaka Malichi 2022. Munthu amene akuyerekeza ndalama za khonsolo za chaka chimenecho ndi za chaka chotsatira, osadziwa izi, adzaganiza kuti ndalama zinakwera modabwitsa, pamene kwenikweni akuyerekeza miyezi 9 ndi miyezi 12.

(NYIMBO PANG'ONO)

WOULUTSA: Ngati mwangotsegula kumene wailesi yanu, tikukambirana za mawu ofotokozera manambala a m'bajeti. Mayi, tibwere pa mtundu wa ndalama. Ife a ku Karonga kwacha ndi shilingi timaziona tsiku lililonse.

MLENDO: N'chifukwa chake nkhaniyi ndi yathu kuposa a maboma ena. Katundu wambiri amene magulu athu amagula amadutsa pa Songwe kuchokera ku Kyela kapena ku Mbeya, ndipo mtengo wake unayambira mu shilingi ya Tanzania. Makina akuluakulu nthawi zambiri amatchulidwa mu dola. Abwenzi othandiza amalonjeza mu dola, mu yuro kapena mu paundi. Zonsezi zikafika pa pepala zimasanduka kwacha, ndipo zikangosanduka, palibenso amene angadziwe kuti zinachokera kuti, pokhapokha wina atalemba.

Tibwerere ku gulu lathu. Mu Okutobala 2023 lapanga bajeti yogula chigayo chopunthira mpunga. Bungwe lina lalonjeza K11,800,000. Chigayo mtengo wake ndi madola 6,000. Nthawi imeneyo dola imodzi ku banki inkagulitsidwa pafupifupi K1,180, choncho chigayo chalembedwa K7,080,000. Zotsala ndi K4,720,000, zomangira shedi ndi kukoka magetsi. Pepala lili bwinobwino.

Tsono chimene chinachitika, ndipo ichi si choyerekeza, n'chakuti mu Novembala 2023 Banki Yaikulu ya dziko lino inachepetsa mphamvu ya kwacha ndi 44 pa 100 alionse. Dola inachoka pa K1,180 n'kufika pa K1,700. Chigayo chomwe chija, madola 6,000 omwe aja, tsopano ndi K10,200,000. Chakwera ndi K3,120,000 usiku umodzi wokha. Za shedi ndi magetsi zatsala K1,600,000.

WOULUTSA: Koma mayi, apa ndikutsutsani pang'ono. Mawu a pansi pa bajeti sakanaletsa kwacha kugwa.

MLENDO: Sakanaletsa, mwanena zoona. Koma taganizirani tcheyamani akupita kukapempha ndalama yowonjezera. Ngati pepala lake lili ndi nambala yokha, K7,080,000, ndipo lero akuti K10,200,000, wothandizayo amuyang'ana ngati munthu amene akufuna kudyapo. Ngati pansi panalembedwa kuti "chigayo ndi madola 6,000, pa K1,180 dola imodzi, mtengo wogulitsira wa ku banki wa tsiku lakutilakuti mu Okutobala 2023," aliyense atenga foni yake, achulukitsa 6,000 ndi 1,700, nkhani yatha mu mphindi imodzi.

Chinanso n'chakuti kulemba mawu amenewa kumakukakamizani kufunsa funso limene mukanaliiwala. Kodi lonjezo la wothandiza lili mu kwacha kapena mu dola? Likanakhala la madola 10,000, mu Okutobala linali K11,800,000 yomweyo, koma mu Novembala likanasanduka K17,000,000, ndipo gulu silikanalira. Pa pepala la Okutobala malonjezo awiriwa amaoneka ofanana ndendende. Chowasiyanitsa ndi mawu a pansi aja.

WOULUTSA: Tsono alembe zotani kwenikweni?

MLENDO: Choyamba anene kuti manambala onse ali mu kwacha ya Malawi. Akamalembera anthu a kunja aike zilembo za MWK, chifukwa ku Zambia nakonso kuli kwacha, ndipo mphamvu zake n'zosiyana kutalitali. Kenaka mzere uliwonse umene mtengo wake unayambira mu ndalama ina, alembe mtengo woyambirirawo, USD wa dola kapena TZS wa shilingi, pamodzi ndi mtengo wosinthira, tsiku lake, ndi kumene wautenga. Asamale apa. Banki ili ndi mitengo iwiri, wogulira ndi wogulitsira. Ikamagula dola yanu imakupatsani zochepa, ikamakugulitsani imakulipiritsani zambiri. Ndalama zolowa muziwerengere pa wogulira, zotuluka pa wogulitsira.

WOULUTSA: Nanga mtengo wa anyamata a pa boda? Tisanamizane, ambiri amasinthira kumeneko.

MLENDO: Tisanamizane ndithu. Mtengo wa pamsewu ndi wokwera kuposa wa ku banki, ndipo kusinthira kumeneko n'kosaloledwa ndi malamulo, komanso kulibe lisiti. Ine sindingauze gulu kuti liuike m'bajeti. Koma kunamizira kuti dola ya ku banki ipezeka tsiku lomwe mwaifuna n'kudzipusitsanso, poti m'zaka zapitazi ndalama zakunja zakhala zikusowa m'mabanki. Njira yoongoka ndi kupeza mtengo wa wogulitsa wa m'dziko momwe muno, mu kwacha, wofikitsa katunduyo ku Karonga. Udzakhala wokwera, koma ndi umene mudzalipiredi. Mulembe kuti mwasankha umenewo ndipo munene chifukwa chake.

Ndimakondanso kuona chiganizo chimodzi chochenjeza. Pa chigayo chija chikanati: "Dola ikakwera ndi 10 pa 100 alionse, chigayo chidzakwera ndi K708,000." Komiti ikawerenga zimenezi imaganiza zogula msanga, kapena zopatula ndalama yapadera. Ndipo si kuti kugwa kwa kwacha kunali kwachilendo. Inagwa mu Meyi 2012, inagwanso ndi 25 pa 100 alionse mu Meyi 2022. Wolemba bajeti mu 2023 anali ndi zifukwa zokwanira zokhalira tcheru.

(NYIMBO PANG'ONO)

WOULUTSA: Za kufupikitsa manambala, ine ndimaona ngati n'zazing'ono.

MLENDO: N'zazing'ono, choncho tisatayepo nthawi, koma pali misampha iwiri. Mapepala ambiri, makamaka a boma ndi a mabungwe, amalemba K'000 pamwamba pa manambala. Zikatero 7,080 ndiye kuti K7,080,000. Tsamba limenelo likajambulidwa pa foni mutu wake utadulidwa, wina adzawerenga K7,080, mtengo wosakwana ndi thumba limodzi la mpunga. Choncho K'000 ikhale pa tsamba lililonse, ndipo m'mawu a pansi mubwereze kuti manambala ali m'masauzande. Muonjezere kuti chiwonkhetso chikhoza kusiyana ndi mizere yake ndi 1 kapena 2. Mizere itatu iliyonse ikataya K400 pofupikitsa, pamodzi yataya K1,200, ndipo pansi padzaoneka sauzande imodzi imene pamwamba palibe. Si kuba kumeneko, koma munthu ayenera kuuzidwa.

Msampha wachiwiri ndiwo umadya ndalama. Ndiko kufupikitsa musanachulukitse. Tinene kuti thumba lopanda kanthu ndi K460 ndipo gulu likufuna matumba 4,000. Yankho ndi K1,840,000. Mlembi akati "tingoti K500," yankho likhala K2,000,000. Mwabadwa K160,000 yopanda mwini. Chulukitsani kaye ndi mtengo weniweni, mufupikitse pomaliza. Amene amagwiritsa ntchito kompyuta, ngati kuchuluka kuli pa B4 ndipo mtengo uli pa C4, alembe motere:

```
=ROUND(B4*C4,-3)
```

Zimenezi zimachulukitsa kaye, kenaka n'kufupikitsa yankho kufika pa sauzande yapafupi.

WOULUTSA: Tifike pa kumene mitengo yachokera. Ambiri tikafunsidwa timati "ndi mtengo wa pamsika."

MLENDO: Msika uti, mwezi uti, muyeso uti? Mpunga wa pa msika wa pa boma mu Juni, anthu atangokolola, si mtengo umodzi ndi wa mu Januwale. Wa ku Kaporo pakhomo pa mlimi si umodzi ndi wofikitsa ku Lilongwe. Ndipo m'midzi mwathu timagula ndi ndowa, pamene wogula wamkulu amafuna makilogalamu. Ndowa ina ndi yosefukira, ina ndi yosalaza, ina inamenyedwa kunsi kuti ikule. Ngati bajeti yasandutsa ndowa kukhala makilogalamu, lembani kuti ndowa imodzi mwaiyesa makilogalamu angati, ndipo munaiika pa sikelo liti.

Pa mpunga palinso nambala imodzi imene imanyamula bajeti yonse, koma anthu amaibisa m'mutu. Mukapuntha makilogalamu 100, simutulutsa 100. Mankhusu ndi madeya zimachoka, ndipo kawirikawiri otsala amakhala pakati pa 60 ndi 70. Gulu logula makilogalamu 30,000 likawerengera pa 68, likuyembekeza 20,400. Chigayo chikatulutsa pa 62, lipeza 18,600. Makilogalamu 1,800 asowa, matumba 36 a makilogalamu 50, ndipo chala chiloza mlonda. Tsono mulembe kuti mwawerengera pa zingati, ndipo gwero labwino kwambiri ndi kaundula wanu wa chaka chatha, wosonyeza zimene zinalowa m'chigayo ndi zimene zinatuluka.

WOULUTSA: Nanga katundu wogula m'masitolo?

MLENDO: Koteshoni yolembedwa. M'mawu a pansi mutchule amene waipereka, tsiku lake, ndi masiku amene mtengowo ugwire ntchito, chifukwa ambiri amati masiku 7, 14 kapena 30 okha. Koteshoni ya mu Okutobala siingayankhe za mu Malichi. Muonenso ngati msonkho wa VAT ulimo kale kapena ayi. Mu 2023 unali 16.5 pa 100 alionse, kutanthauza kuti malata a K2,000,000 opanda msonkho anali a K2,330,000 pa kauntala. Mlingo wa msonkho umasintha, choncho funsani ku MRA umene ulipo ndipo muulembe. Mayendedwe nawonso muone ngati alimo. Katundu wa ku Mbeya ali ndi mtengo wina ku Mbeya ndi wina akadutsa pa Songwe n'kulipiridwa msonkho.

Manambala ena ali ndi eni ake odziwika, ndipo n'kosavuta kuwatchula. Mtengo wa mafuta amalengeza ndi a MERA, ndiye lembani tsiku la chilengezocho. Mitengo yoyambira ya mbewu imalengezedwa ndi Unduna wa Zamalimidwe chaka ndi chaka. Kakweredwe ka mitengo ya zinthu kamatuluka mwezi ndi mwezi ku ofesi ya kalembera ku Zomba. Ofesi yomweyo ndiyo inapeza kuti mu 2018 boma la Karonga linali ndi anthu 365,028. Mukagwiritsa ntchito nambala imeneyi lero, nenani kuti ndi ya 2018, chifukwa anthu awonjezekera.

WOULUTSA: Nanga ngati palibe pepala lililonse, tangoganiza?

MLENDO: Lembani kuti mwangoganiza, si mlandu. Bajeti ndi ya zam'tsogolo, kuganiza kuyenera kukhalamo. Mlandu ndi kuveka ganizo malaya a koteshoni. Ine ndimapempha magulu kuti pambali pa mzere uliwonse aike mawu amodzi mwa atatu awa: chotsimikizika, cholonjezedwa, choganiziridwa. Ndalama imene mgwirizano wake wasainidwa ndi yotsimikizika. Imene mlendo ananena pakamwa pa mwambo wopereka mipope ndi yolonjezedwa. Ndipo mudzapeza kuti mukachotsa zolonjezedwa, bajeti zina zimatsala theka. Ndi bwino komiti idziwe zimenezi mu Epulo kusiyana ndi mu Disembala.

WOULUTSA: Zonsezi sizipanga buku lalikulu, mayi? Asungichuma athu ambiri ndi ongodzipereka, alinso ndi minda yawo.

MLENDO: Tsamba limodzi likukwanira, ngakhale lolemba pamanja. Mupatse mfundo iliyonse nambala, ndipo nambala yomweyo muiike pambali pa mzere umene ikufotokoza. Pa chigayo mulembe 3, ndipo pansi pa 3 pakhale madola aja, mtengo wosinthira ndi tsiku. Makoteshoni muwamangirire kumbuyo. Mulembe m'chilankhulo chimene mamembala amamva, kaya ndi Kyangonde, Chitumbuka kapena Chichewa, ndipo la Chingerezi likhale la ku banki ndi kwa othandiza, koma manambala akhale amodzi. Bajeti ikasinthidwa pakati pa chaka, monga momwe magulu ambiri anachitira kwacha itagwa, musafufute yakale. Lembani yatsopano, muikepo tsiku, munene chimene chasintha ndi msonkhano umene unavomereza.

Musanapite nayo kwa mamembala, ipatseni munthu mmodzi amene sali m'komiti, kaya ndi mphunzitsi wa pa sukulu yapafupi. Asankhe mizere itatu, aiwerengere yekha pogwiritsa ntchito tsamba lija. Pamene waima n'kukufunsani, pamenepo ndiye pakusowa mawu.





WOULUTSA: Omvera, nthawi yatithera. Inu mamembala, pa msonkhano ukubwerawu bajeti ikawerengedwa, imikani dzanja mupemphe kuti tsamba la mawu ofotokozera liwerengedwenso mokweza. Ngati palibe, pemphani kuti lilembedwe musanavomereze.

(NYIMBO YOTSEKERA)